Tchanelo changa n'chatsopano: ndilembe mitu yotchuka kapena yolunjika?

*"Ndimakhala ku Turffontein ndipo ndinatsegula tchanelo cha zophikaphika zakwathu pa YouTube. Ndaikapo mavidiyo 9, onditsatira ndi 41 okha, ambiri ndi abale ndi anzanga a kutchalitchi. Mchimwene wanga akuti ndizilemba mitu ngati `easy chicken recipe` poti ndi imene anthu miyandamiyanda amasaka. Mnzanga wina akuti ayi, ndizilemba mawu ataliatali olunjika chinthu chimodzi. Ndimvere ndani?"*

Achemwali, pakadali pano mverani mnzanuyo. Koma malangizo akewo ali ndi dzenje limene Amalawi ambiri amagweramo, choncho ndikufotokozerani chifukwa chake akunena zoona, kenako tione pamene zoonazo zimathera.

Munthu akalemba mawu m'bokosi losakira, YouTube imasanja mavidiyo poona zinthu zitatu zimene eni ake amazitchula poyera. Choyamba ndi kugwirizana kwa vidiyo ndi mawu amene munthuyo walemba, ndipo apa imayang'ana mutu, mawu ofotokozera a m'munsi ndi zimene zili m'vidiyomo. Chachiwiri ndi zimene anthu ena anachita atasaka mawu omwewo: anasankha vidiyo iti, ndipo anaionera nthawi yaitali bwanji. Chachitatu ndi kudalirika kwa tchanelo pa nkhaniyo. Tsono taonani pamene inu mwaima. Pa chachiwiri mulibe mbiri, pa chachitatu mulibenso. Chida chimene muli nacho m'manja ndi choyambacho basi. Pa mawu ngati `easy chicken recipe` pali mavidiyo osawerengeka amene mitu yawo ikugwirizana ndendende ndi mawuwo ngati mmene wanu ungagwirizanire, ndiye mpikisano wonse umasamukira pa mbiri, kumene anzanu anayamba zaka zambiri zapitazo. Pa mawu amene mavidiyo oyankha ndendende ndi awiri kapena palibe n'komwe, kugwirizana kokhako n'kokwanira kukuikani pamwamba.

Sikuti YouTube ikukulangani chifukwa cha anthu 41 aja. Sinakudziweni chabe, ndipo sidziwa woti imuonetse vidiyo yanu.

Pali kanthu kena kamene achimwene anu sanakaganizire. YouTube imawerenga kuti vidiyo yaonetsedwa kwa munthu, chimene mu YouTube Studio, kumene mwini tchanelo amaonera manambala a mavidiyo ake, chimalembedwa kuti `Impressions`, pokhapokha ngati theka la chithunzi cha pachikuto kapena kuposa laoneka pa sikirini kwa nthawi yopitirira sekondi imodzi. Ngati vidiyo yanu ili pa nambala 60 pa mndandanda, ndipo anthu amasankha pakati pa zoyambirira zochepa zokha, chithunzi chanu sichifika n'komwe pamaso pa munthu. Kaya osaka ndi chikwi kaya ndi miliyoni, gawo lanu ndi lomwelo: palibe. Kuchuluka kwa osaka kumapindulira amene ali pamwamba okha. Zili ngati kupita ndi beseni limodzi la tomato ku msika waukulu wa City Deep n'kukaima kuseri kwa mathiraki. Ogula alipodi ambiri, koma sadutsa pamene mwaimapo, pomwe pakona ya msewu wanu odutsa ndi ochepa koma onse akuliona beseni.

Tsopano dzenje lija. Malangizo a mawu aatali anachokera kwa anthu amene amapanga mavidiyo a Chingerezi, kumene ngakhale mawu olunjika kwambiri amakhala ndi owasaka. Ife olankhula Chichewa tilipo ochepa pa intaneti, ndipo ambiri mwa ife tikamasaka timasakaniza zinenero: dzina la chakudya m'Chichewa, zotsalazo m'Chingerezi. Mukalemba mutu wokongola ngati `Kaphikidwe ka thobwa lokoma la mawere monga ankachitira agogo`, mukhoza kukhala nambala wani tsiku lomwelo, koma nambala wani pa mawu amene palibe munthu amawalemba. Ndaonapo matchanelo a abale athu kuno ku Joni amene mwini wake amasangalala kuti akasaka mutu wake akudzipeza pamwamba, koma miyezi n'kumapita oonera osawonjezeka. Kutalika kwa mawu pakokha si phindu. Chimene mukufuna ndi mawu amene ali ndi zinthu ziwiri pamodzi: anthu enieni akuwalemba, ndipo mavidiyo amene alipo sakuwayankha bwino.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchiyendetsa mpaka kumapeto. Ndasankha thobwa, chifukwa Mmalawi wokhala kuno ali ndi vuto lenileni limene wa ku Lilongwe alibe. Kwathu chimera cha mawere chimapezeka pamsika uliwonse. Kuno munthu amalowa m'shopu n'kupeza paketi ya King Korn, chimera cha mapira chimene eni dziko amafululira umqombothi, ndiye amadzifunsa ngati chingagwire ntchito, athire chochuluka bwanji, ndiponso ngati ufa woyera wa m'mapaketi ungalowe m'malo mwa mgaiwa. Limenelo ndi funso lokhala ndi mwini wake. Wina wa ku Rosettenville amene ali ndi chinkhoswe Loweruka akulifunsa ndi mtima wonse, ndipo akapeza vidiyo yoyankha aionera mpaka kumapeto, mwinanso kawiri.

Yambani ndi bokosi losakira la YouTube lenilenilo, koma osati pa akaunti yanu. Pa foni, dinani chithunzi chanu n'kusankha `Turn on Incognito`, chifukwa mukasaka muli pa akaunti yanu zotsatira zimatsata zimene mumaonera, ndipo vidiyo yanu ikhoza kuoneka pamwamba kwa inu nokha. Lembani `thobwa` osadina kusaka, muone mawu amene akudzibweretsa okha m'munsi. Mawu amenewo amachokera ku zimene anthu akhala akusaka, ndiye ndi umboni waulere woti kuli wina akufuna zimenezo. Alembeni m'kope. Kenako onjezani chilembo chimodzichimodzi, komanso yesani kuika mawu kutsogolo:

```
thobwa
thobwa r
thobwa m
how to make thobwa
malawi thobwa
kapangidwe ka thobwa
```

Chimene mukuyang'ana ndi malire, pamene bokosi limasiya kukumalizirani mawu. Ngati likumaliza `how to make thobwa` koma likukhala chete pa `how to make thobwa with king korn`, ndiye kuti mawu oyambawo ali ndi anthu, achiwiriwo ali ndi ochepa kwambiri kapena alibe. Zimenezi sizikutanthauza kuti mutaye nkhani ya King Korn. Zikutanthauza kuti mutu wanu uyambe ndi mawu amene bokosi likuwadziwa, ndipo kusiyana kwanu kubwere pambuyo pake.

Mukapeza mawu atatu kapena anayi otere, sakani alionse n'kuona mavidiyo khumi oyambirira modekha. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu ambiri amathamangira. Pa vidiyo iliyonse onani ngati mutu wake ukuyankhadi mawu amene mwalemba kapena YouTube yangodzazapo zina zoyandikira. Mukasaka za thobwa n'kuona kuti pofika vidiyo yachinayi zayamba kubwera za mageu kapena za mowa wamasese, dziwani kuti zoyankha ndendende zatha, ndipo mpata ndi umenewo. Onaninso zaka: mavidiyo akale, amdima, a mawu osamveka bwino, ndi osavuta kuwaposa. Pa `Filters` mukhoza kusankha `This year` kuti muone ngati pali amene akupangabe zatsopano pa nkhaniyo.

Koma chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi ichi: vidiyo ya tchanelo chaching'ono imene oonera ake aposa kutali anthu otsatira tchanelocho. Tinene kuti tchanelo chili ndi otsatira 300 koma vidiyo yake imodzi ya thobwa yaonedwa ka 20,000, pomwe zina zake zonse zili pa mazana ochepa. Anthu amenewo sanabwere chifukwa chomudziwa mwini tchanelo. Anabwera chifukwa cha nkhaniyo. Tsegulani ndemanga za pansi pa vidiyo imeneyo, musankhe `Newest`, muwerenge. Ngati vidiyo ya zaka zinayi zapitazo ikulandirabe ndemanga chaka chino, kufunika kwake sikunathe. Ndipo m'ndemangamo ndi mmene mupezemo mitu ya mavidiyo anu otsatira, yolembedwa ndi anthu eni ake m'mawu awo: wina akufunsa chifukwa chimene thobwa lake likuwawasa msanga, wina akuti madzi akulekana ndi phala, wina akufunsa ngati angaike mufiriji. Ameneyo ndi kafukufuku woposa aliyense amene mungalipire.

Ndatchula zolipira, ndiye ndinenepo pang'ono. Pali mapulogalamu ngati vidIQ ndi TubeBuddy amene amakupatsani nambala ya osaka ndi ya mpikisano. YouTube sifalitsa chiwerengero chenicheni cha anthu osaka mawu alionse, choncho manambala amenewo ndi ongoyerekeza, ndipo kuyerekezako kumafooka kwambiri pa mawu a zinenero zathu. Google Trends ndi yaulere ndipo ili ndi posankha `YouTube Search` ndi dziko, koma manambala ake a 0 mpaka 100 ndi ofanizitsa chabe, si chiwerengero cha anthu, ndipo pa mawu aang'ono kawirikawiri imangoti ilibe zokwanira zoti ionetse. Ikatero musamve ngati palibe osaka. Marandi anu pakadali pano akagwire ntchito pa kamaikolofoni ka pakolala, osati pa mapulogalamu amenewa.

Tafika pa mutu wa vidiyo. YouTube imalola zilembo 100, koma pa foni mutu wautali umadulidwa, ndiye mawu ofunika akhale koyambirira. Pa chitsanzo chathu, ngati bokosi linamaliza `how to make thobwa`, ndingalembe chonchi:

```
How to make thobwa with King Korn in South Africa | Chichewa
```

Taonani zimene mutuwu ukuchita. Mawu amene anthu amasaka ali kutsogolo, athunthu, osasinthidwa. Pambuyo pake pali chimene chikukusiyanitsani ndi mavidiyo ojambulidwa kumudzi. Ndipo mkati mwa mutu wautaliwu muli mawu aafupi, `thobwa`, amene ndi otchuka kuposa onsewo. Apa m'pamene mkangano wa achimwene anu ndi mnzanu umathera: mutu wabwino wautali umanyamula mawu otchuka m'mimba mwake. Mumayamba n'kupambana pa mawu olunjikawo, oonera akamakhala nthawi yaitali mbiri ija imayamba kulembeka, ndipo vidiyo yomweyo imatha kukwera pang'onopang'ono pa mawu aafupi aja osasintha kalikonse.

Mawu omaliza aja, `Chichewa`, musawaone mopepuka. Mukalemba mutu wa Chingerezi chokhachokha koma m'vidiyo mukulankhula Chichewa, anthu a ku Kenya kapena ku Nigeria adina, amva chinenero chimene sakuchidziwa, n'kuchoka pa masekondi ochepa. Aliyense wochoka chonchi akusiya mbiri yoti vidiyo yanu siyankha mawuwo. Ndi bwino munthu wosayenera asadine n'komwe. Ili ndi vuto linanso la `easy chicken recipe`: ngakhale mwamwayi mutakwera, ambiri osaka mawuwo sakufuna nkhuku yalokolo yofotokozedwa m'Chichewa. Chimodzimodzi ndi kalembedwe ka mayina. Mukalemba `mandazi` mwalowa m'bwalo la matchanelo akuluakulu a ku Kenya ndi Tanzania, pomwe `mandasi` ndi mmene timalembera ife, ndipo amene walemba choncho m'bokosi mwachionekere ndi wakwathu.

M'mawu ofotokozera, mizere iwiri yoyambirira ilembedwe ngati mukuuza munthu, ndipo muikemo kanenedwe ka Chichewa kamene sikanakwane m'mutu, monga kapangidwe ka thobwa ndi chimera cha mapira. Pa `Tags`, malo olembapo mawu osakira amene oonera sawaona, musatayepo nthawi yambiri. YouTube yeniyeniyo imanena kuti gawo limeneli limathandiza pang'ono kwambiri, kupatula pamene dzina limalembedwa mosiyanasiyana, ndipo ife vuto limeneli tili nalo: `thobwa` ndi `tobwa`, `nsima` ndi `nshima`, `futali` ndi `futari`. Ikani zimenezo n'kupitirira. Chothandiza kwambiri ndi kugawa vidiyo m'zigawo polemba nthawi m'mawu ofotokozera. Nthawi yoyamba iyenera kukhala `0:00`, zigawo zikhale zosachepera zitatu, chilichonse chosachepera masekondi 10:

```
0:00 Zofunika ndi miyezo yake
1:10 Kuphika phala
3:30 Nthawi yothira chimera
5:15 Kuwiritsanso mawa lake
```

Mutu ukamuitana munthu, vidiyo iyenera kumulandira ndi chimene wabwerera. Wosaka ndi wosiyana ndi mbale wanu amene mwamutumizira pa WhatsApp. Sakukudziwani, ali ndi funso, ndipo bandulo yake ikutha. Ife mwambo wathu ndi kupereka moni wokwanira, kufunsa mmene anthu adzukira, kuthokoza onse otitsatira, ndipo ndi mwambo wabwino, koma pa vidiyo yoti ipezeke posaka moniwo ukhale wa mpweya umodzi. Masekondi oyambirira aonetse paketi ija ili m'manja mwanu, kapu ya thobwa lopsa ili pambali, ndipo munene kuti lero tipanga thobwa ndi chimera ichi chimene chimapezeka m'mashopu a kuno. Kenako pitani pa miyezo. Musabise zimene zimavuta: kuti chimera sichithiridwa phala likadali lotentha kwambiri koma litazizirako n'kukhala lofunda, kuti phala lolimbalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera chimera chikagwira, ndiponso kuti m'nyengo yozizira ya kuno, mu Juni ndi Julayi, poto wosiyidwa pasimenti usiku amachedwa kusiyana ndi kwathu kunyanja. Zinthu zoterezi n'zimene zimamusunga munthu mpaka kumapeto, ndipo tchanelo chachikulu cha kunja sichingazidziwe.

Mukaika vidiyo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Oonera ochokera posaka sabwera tsiku loyamba ngati a pa WhatsApp, amadontha pang'onopang'ono, ndipo manambala a mu Studio amachedwa tsiku limodzi kapena awiri. Ipatseni masabata anayi kapena asanu ndi limodzi musanaiweruze. Ikafika nthawiyo, tsegulani vidiyoyo mu YouTube Studio, mupite pa `Analytics` kenako `Reach`. Muona kumene oonera akuchokera, ndipo pansi pa `YouTube search` muona ena mwa mawu enieni amene anthu analemba kuti akupezeni. Matenda a vidiyo amaonekera pamenepa, ndipo alipo atatu osiyana, amene mankhwala ake ndi osiyananso.

Oyamba ndi pamene `Impressions` ili yochepa kwambiri. Apa bwererani ku `Incognito` musake mawu anu. Mukadzipeza pamwamba koma osaonetsedwa kwa anthu, mwagwa m'dzenje lija, mawuwo alibe owasaka, ndipo mankhwala ndi kufupikitsa mutu kuti uyambe ndi mawu amene bokosi limamaliza. Mukapanda kudzipeza ngakhale mutatsika mavidiyo 20, mawuwo ndi aakulu kuposa msinkhu wa tchanelo chanu, ndipo mankhwala ndi kuwonjezera kulunjika. Zizindikiro zake n'zofanana, oonera ochepa, koma wina akufunika kufupikitsa, wina kutalikitsa, ndiye musasinthe mutu musanayeze.

Achiwiri ndi pamene vidiyo ikuonetsedwa koma anthu sakudina. Nambala yake ndi `Impressions click-through rate`, ndipo YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo onse amakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Pa anthu ochokera posaka mawu olunjika muyembekezere kukhala chakumtunda, chifukwa iwowo afunsa okha. Mukakhala pansi, vuto ndi chithunzi cha pachikuto kapena mutu. Sakani mawu anu, muike chithunzi chanu pambali pa za anzanu pa sikirini ya foni, muone ngati chikuonetsa chakudyacho momveka. Chenjezo limodzi: ngati vidiyo yaonetsedwa ka 40 kokha, anthu awiri okha akhoza kusuntha nambalayo ndi 5 pa 100 alionse. Dikirani ifike mazana angapo musanaikhulupirire.

Achitatu ndi pamene anthu akudina koma akuthawa. Pa `Engagement` pali mzere woonetsa pamene oonera akusiyira kuonera, ndipo Studio imakuuzani kuti ndi angati amene anali akuonerabe pa masekondi 30. Mzerewo ukagwa ngati phompho koyambirira, ndiye kuti mutu unalonjeza china, vidiyo n'kuyamba ndi china, kapena munaitana anthu a chinenero china. Ukagwa pakati, pitani pa mphindi imeneyo muone chimene chinachitika. Kawirikawiri ndi pamene poto akungowira kwa nthawi yaitali popanda chonena.

Poti mwatchula abale ndi anzanu a kutchalitchi, ndinenepo mawu awiri. Kutumiza vidiyo m'magulu a WhatsApp si kulakwa, koma muzisiyanitsa manambala ake, amene amaoneka pansi pa `External`. Mbale amene wadina chifukwa cha chikondi n'kuonera masekondi 20 amatsitsa avereji ya vidiyo yonse, ndiye poweruza mutu wanu muziyang'ana oonera a `YouTube search` paokha. Tumizani kwa amene amaphikadi. Zosinthana zoti nditsatireni nane ndikutsatireni zisiyeni, malamulo a YouTube amaziletsa ndipo zimakudzazirani tchanelo ndi anthu osaonera.

Tsopano malire a njira imeneyi, chifukwa sindikufuna kuti muyembekezere zimene singakupatseni. Tiyeni tiwerengere ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mawu anu amasakidwa ka 100 pamwezi, muli pamwamba, ndipo anthu 30 akusankha inu. Aliyense akaonera mphindi 4, ndi mphindi 120, kutanthauza maola 2 pamwezi. Mukakhala ndi mavidiyo 30 otere, ndi maola 60 pamwezi, 720 pachaka. Kuti muyambe kulandira ndalama za malonda otsatsidwa pa mavidiyo aatali, YouTube imafuna otsatira 1,000 ndi maola 4,000 m'miyezi 12. Maola amenewo ndi mphindi 240,000, ndipo pa mphindi 4 munthu aliyense ndiye kuti mavidiyo anu aonedwe ka 60,000. Ngakhale khomo loyamba lotsikirapo, lolola kulandira ndalama kuchokera kwa oonera, la otsatira 500 ndi maola 3,000, lili patali ndi 720. Mukuona nokha kuti mawu olunjika paokha sakufikitsani.

Nanga phindu lake n'chiyani? Anthu 30 aja si manambala chabe, ndi anthu oyenera. YouTube imaona zimene iwo amaoneranso, ndipo imayamba kudziwa mtundu wa anthu amene amakhutira ndi mavidiyo anu. Kuchokera pamenepo imayamba kuika vidiyo yanu pambali pa mavidiyo ena ndi patsamba loyamba la anthu ofanana nawo, zimene mu Studio zimaoneka ngati `Suggested videos` ndi `Browse features`. Matchanelo ambiri amene akula amapeza oonera ochuluka kudzera m'makomo awiriwa, osati posaka. Kusaka ndi kumene kumapereka anthu oyamba oti makomowo atsegukire. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti mavidiyo anu olunjika akhale a banja limodzi. Pambuyo pa thobwa pabwere mkhwani wotendera ndi chiponde cha m'botolo pamene nsinjiro zasowa, nsima ya ufa wa m'mapaketi a kuno imene imafuna madzi ndi nthawi yosiyana ndi ya ufa wa kuchigayo, zitumbuwa, chigumu cha mu uvuni wamagetsi, futali ya mbatata nyengo ya Ramadani isanafike poganizira abale athu a ku Mayfair ndi Fordsburg. Onsewa akuyankha munthu mmodzi yemweyo, Mmalawi amene akuphika zakwawo ndi zinthu za m'mashopu a ku Joni, ndipo akamaliza imodzi ali ndi chifukwa chodinira ina. Mukasakaniza ndi mavidiyo a tsitsi lero, ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge mawa, aliyense akhoza kupezeka posaka payekha, koma woonera thobwa sapitirira ndipo sadina `Subscribe`.

Nthawi yoyesa mawu akuluakulu idzafika, ndipo Studio idzakuuzani. Mukadzaona kuti pa mndandanda wa mawu osakira payamba kuoneka mawu aafupi amene simunawalunjike, monga `thobwa` lokha kapena `malawian food`, ndiponso kuti gawo la `Suggested videos` likukula mwezi ndi mwezi, kwerani sitepe imodzi yokha. Kuchoka pa thobwa la King Korn kupita pa zakudya za ku Malawi ndi sitepe imodzi. Kuchoka pamenepo kupita pa `easy chicken recipe` ndi masitepe ambiri, ndipo mwina simudzafunikira n'komwe kukafikako. Pakadali pano, pa mavidiyo asanu alionse, anayi akhale olunjika, imodzi ikhale yoyesera mawu okulirapo pang'ono kuti muzidziwa pamene mphamvu zanu zafika.

Mavidiyo 9 amene alipo kale musawafufute. Mutu, mawu ofotokozera ndi chithunzi zimasinthika nthawi iliyonse popanda kutaya oonera kapena ndemanga. Tsegulani iliyonse mu Studio muone ngati pali mawu osakira amene abweretsapo munthu, ngakhale atatu okha. Yambani ndi vidiyo imene oonera ake anakhala nthawi yaitali kuposa zina, muichitire kafukufuku wa m'bokosi uja, muisinthe mutu, mulembe tsiku m'kope. Sinthani ziwiri kapena zitatu zokha pa nthawi imodzi ndipo chithunzi muchisiye kaye mmene chilili, kuti pakatha masabata anayi mudziwe kuti chimene chasuntha manambala ndi mutuwo.